Fayilo yakana kutseguka: kodi ichira, kapena ndingolembanso?

Fayilo yanga ya zipi yakana kutseguka, ndipo lipoti langa la Word nalonso likuti lili ndi vuto. Kodi awa ndi matenda awiri osiyana?

Nthawi zambiri nthenda yake ndi imodzi. Kuyambira pa Office ya 2007, fayilo ya `.docx` ndi zipi yomwe yangopatsidwa dzina lina. N'chimodzimodzi ndi `.xlsx`, `.pptx` komanso `.odt` ya LibreOffice. Mutatenga kope la lipoti lanu labwinobwino n'kusintha mapeto a dzina lake kuchoka pa `.docx` kukhala `.zip`, litseguka ngati foda, ndipo m'katimo mupeza timafayilo tambiri. Pafupifupi mawu onse amene munalemba ali mu `word/document.xml`, zithunzi zili mu `word/media`, ndipo kaonekedwe ka zilembo ndi mitu kali mu `word/styles.xml`. Choncho amene wadziwa kusamalira zipi yodwala wadziwanso kusamalira chikalata cha Word.

Fayilo yakale ya `.doc` ndi yosiyana, si zipi. Tiikambako pang'ono kutsogoloku.

Nanga kuonongeka kwa zipi kumatanthauza chiyani kwenikweni?

Apa ndikhalitsapo, chifukwa zonse zotsatira zikudalira pomwepa. Zipi, yomwe Phil Katz anaitulutsa mu 1989, inapangidwa ngati bukhu lomwe tsamba la zam'katimu lili kumapeto. Mitu ya bukhulo ndi mafayilo amene mwaika mu zipi, wondondozana, ndipo uliwonse uli ndi kamutu kake kotchula dzina la fayilo ndi njira yomwe inapanikizidwira. Ikatha mitu yonse pamabwera kaundula wotchula fayilo iliyonse ndi malo amene yayambira. Kumapeto kwenikweni kuli kachidutswa kakang'ono, kawirikawiri ka mabaiti 22 okha, kouza pulogalamu komwe kaundulayo wayambira.

Pulogalamu yotsegula zipi imathamangira kumapeto kuja kukafuna kachidutswako. Ikapanda kukapeza, imangonena kuti fayilo yonse ndi yoipa, ngakhale zam'kati zonse zili bwinobwino. Windows imati fodayo ndi `invalid`, ndipo lamulo la `unzip` limati `End-of-central-directory signature not found`. Uthenga umenewu umaopsa, koma kawirikawiri ndi wabwino kuposa ena, chifukwa tanthauzo lake n'lakuti kaundula ndiye wasowa. Popeza fayilo iliyonse ili ndi kamutu kake, pulogalamu yokonza ingathe kuyenda kuchokera poyambirira, n'kumazindikira kamutu kalikonse, n'kulemba kaundula watsopano.

Kuonongeka kwa mtundu wachiwiri kumakhala pakati pa fayilo yopanikizidwayo. Kumeneku ndiye kovuta. Njira yopanikizira ya zipi imachepetsa kukula kwa fayilo posalembanso zomwe zalembedwa kale. M'malo mwake imangoika chizindikiro chakuti bwererani mmbuyo mabaiti akutiakuti mukakopere akutiakuti, ndipo imatha kubwerera mpaka makilobaiti 32. Ndiye kabaiti kamodzi kakasintha pakati, zonse zotsatira m'fayilo imeneyo zimasokonekera, chifukwa chilichonse chikutsamira pa zomwe zapita. Zomwe zili patsogolo pa bala zimatuluka bwino, zomwe zili pambuyo pake zimakhala zinyalala kapena sizituluka n'komwe. Chotonthoza n'chakuti zipi imapanikiza fayilo iliyonse payokha, motero bala la fayilo imodzi silifika kwa zinzake.

Ndiye pulogalamu yokonza imachita chiyani, ngati siingabwezeretse zomwe zasowa?

Imalembanso kaundula ndi kupulumutsa zomwe zatsala, basi. Ichi ndi chinthu chomwe ndimafuna munthu aliyense achimvetse asanatulutse ndalama. Mu zipi mulibe kope lachiwiri la zomwe munasunga. Chomwe chilimo ndi nambala ya mabaiti 4 pa fayilo iliyonse, yomwe mumaiona pa sikirini ngati `CRC`. Pulogalamu ikatulutsa fayilo imawerengetsanso nambalayi, ndipo ikasiyana ndi yolembedwa imati `CRC failed` kapena `bad CRC`. Nambalayi ingakuuzeni kuti china chake chalakwika, koma siingakuuzeni kuti chalakwika ndi chiti kapena kuti poyamba panali chiyani. Mabaiti 4 sangasunge nkhani ya masamba 80.

Mitundu ina ya mafayilo inakonzekera ngozi. Fayilo ya `.rar` ikhoza kukhala ndi mbali yapadera yothandiza kuchira, ngati woipangayo anasankha `Add recovery record` poipanga, ndipo pamenepo kukonza kumabwezeretsadi mabaiti otayika malinga ngati sanachuluke. Zipi wamba ilibe mbali imeneyi, ndipo `.docx` ilibenso.

Ndiyambire pati?

Musanachite chilichonse, koperani fayiloyo kuchoka pomwe ili, muiike pa disiki ina, ndipo muziyesera zonse pa kope lokhalokha. Yoyambirira isakhudzidwe. Pa fulashi kapena memore khadi yomwe yabweretsa vutoli musasungeponso kanthu, chifukwa chilichonse chatsopano chingalembedwe pamalo pomwe pali zotsalira za ntchito yanu. Windows ikakufunsani kuti ifomate fulashiyo, kanani. Ikakupemphani kuti iikonze, dikirani kaye mpaka mutakopera zonse zomwe zikukopereka. Lamulo la `chkdsk` limakonza kaundula wa disiki osati mafayilo anu, ndipo pokonzapo likhoza kudula fayilo kapena kuiika zidutswazidutswa mu foda ya `FOUND.000`.

Mukamakopera n'kuona kuti kompyuta ikuima, ikuchedwa modabwitsa, kapena ikunena kuti yalephera kuwerenga, dziwani kuti chodwala ndi chipangizocho. Pamenepo musamabwerezebwereze. Chofunika ndi kujambula disiki yonse kamodzi ndi pulogalamu ngati `ddrescue`, yomwe imayamba ndi malo owerengeka bwino n'kubwerera m'malo ovuta pambuyo, kenako ntchito yonse ichitikire pa chithunzi cha disikicho.

Kenako dzifunseni funso losavuta lomwe anthu amalidumpha: kodi fayiloyi inachokera kuti? Ngati munaitenga pa intaneti, kapena wina anakutumizirani, kuitenganso n'kwapafupi kuposa kukonza kulikonse. Netiweki ikaduka kapena bandulo ikatha pakati, mumatsala ndi chiyambi cha fayilo popanda mapeto, ndipo mwaona kale kuti kaundula amakhala kumapeto. Dzina lothera ndi `.crdownload` kapena `.part` ndi umboni wakuti fayilo siinafike yonse.

Ndingadziwe bwanji msanga ngati pali chiyembekezo?

Pali zinthu zitatu zoyang'ana, ndipo zonse zimatheka pa mphindi zochepa popanda kugula kanthu.

Choyamba ndi kukula kwa fayilo. Ngati ikuonetsa `0 KB`, mulibe kanthu m'menemo, ndipo palibe pulogalamu yokonza mafayilo yomwe ingathandize. Mwina zam'kati zikadali penapake pa disiki, koma imeneyo ndi ntchito yofufuza disiki, osati yokonza fayilo. Ngati ndi yaying'ono kuposa mmene inaliri, yaduka, ndipo zomwe zili m'mbali yotsalayo zikhoza kupulumuka. Ngati kukula kwake n'kofanana ndi kale, musasangalale kaye. Pitani pa chachiwiri.

Chachiwiri ndi kusuzumira m'kati. Tsegulani kope lija ndi pulogalamu yoonetsa mabaiti, monga HxD pa Windows, kapena lembani lamulo ili pa Linux kapena Mac:

```
xxd kope.docx | head
```

Zipi yeniyeni imayamba ndi `50 4B 03 04`, ndipo kumbali muona zilembo `PK`, zoyambira dzina la Phil Katz. Mukaziona, mwapeza chiyambi. Fufuzani `50 4B 05 06` chakumapeto. Ameneyo ndiye mlozo wa kaundula, ndipo akasowa mwadziwa kuti fayilo yaduka. Mukaona `D0 CF 11 E0` poyambirira, fayiloyo mwina siinaonongeke konse: ingakhale `.doc` yakale yomwe wina anaisintha dzina, kapena chikalata chatsopano chotsekedwa ndi pasiwedi, chifukwa Word ikatseka `.docx` ndi pasiwedi imaikulunga m'chotengera cha mtundu wakale uja. Mukaona `<!DOCTYPE html>`, chomwe munatsitsa ndi tsamba la pa intaneti, mwina lofunsa kuti mulowe ndi dzina lanu, osati zipi yomwe mumaifuna.

Chachitatu ndi kuyenda m'fayilo yonse mukuyang'ana. Zinthu zopanikizidwa zimaoneka ngati manambala osakanikirana opanda dongosolo, ndipo ameneyo ndiye maonekedwe a moyo. Mukapeza mizere yambirimbiri ya `00 00 00 00` kapena `FF FF FF FF`, pamalo amenewo palibe chomwe chinalembedwa. Ngati simukufuna kuyang'ana manambala, pali njira yachidule: panikizaninso fayilo yodwalayo kukhala zipi yatsopano. Fayilo ya `.docx` yamoyo ndi yopanikizidwa kale, choncho siichepa kwenikweni. Koma ngati ya mamegabaiti 5 yasanduka makilobaiti ochepa chabe, ndiye kuti m'kati mwake munali maziro okhaokha. Ikachepa ndi theka, pafupifupi theka lake ndi lopanda kanthu.

Zimatheka bwanji kuti fayilo ikhale ndi dzina ndi kukula koyenera koma m'kati muli maziro?

Disiki imalemba dzina ndi kukula kwa fayilo pamalo ena, ndipo zam'kati imazilemba pamalo enanso. Magetsi akazima, kapena fulashi ikazulidwa pakati pa ntchito ziwirizi, dzina limatsala likulozera malo omwe sanalembedwe. N'chifukwa chake kudina `Eject` musanazule fulashi kuli ndi tanthauzo, makamaka kwa ife ogwira ntchito pa kompyuta za pa desiki zopanda batire kumalo komwe magetsi amathima mosachenjeza.

Chifukwa china, chomwe chimandipweteka mtima kwambiri, ndi mafulashi achinyengo. Kunja yalembedwa magigabaiti 64, kompyuta nayo ikuonetsa 64, koma m'kati muli 8 yokha. Masiku oyamba zonse zimayenda bwino. Mukadutsa malire enieniwo, fulashi imapitiriza kuvomera mafayilo koma siiwasunga, kapena imawalemba pamwamba pa akale. Chizindikiro chake n'chakuti mafayilo ambiri amaonongeka pamodzi, makamaka omwe anasungidwa fulashi itayamba kudzaza. Zomwe sizinalembedwe sizingapezeke ndi katswiri aliyense. Fulashi yatsopano iyesedwe ikadali yopanda kanthu ndi H2testw pa Windows kapena `f3` pa Linux, zomwe zimailemba yonse n'kuwerenganso kuti zione ngati zonse zabwerera.

Tisonyezeni chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tiyerekeze wophunzira wa pa koleji yemwe ali ndi lipoti la kafukufuku la masamba 80 lokhala ndi zithunzi 20. Amalemba pa kompyuta ya mnzake, n'kukopera lipotilo pa fulashi, koma fulashi inazulidwa kukopera kusanathe, ndipo mnzakeyo wafufuta kale zonse pa kompyuta yake. Lipoti linali pafupifupi mamegabaiti 6; pa fulashi likuonetsa 4. Word ikukana kulitsegula.

Wakopera fayiloyo pa laputopu n'kuitcha `kope.zip`. Poyang'ana m'kati wapeza `PK` poyambirira, manambala osakanikirana mpaka kumapeto, koma `50 4B 05 06` palibe. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu laduka, pamodzi ndi kaundula. Funso ndi lakuti: m'magawo awiri otsalawo muli chiyani?

Apa pali mwayi. Pafupifupi kulemera konse kwa lipoti lotere ndi zithunzi. Mawu a masamba 80 akapanikizidwa safika ngakhale megabaiti imodzi, ndipo Word kawirikawiri imaika `word/document.xml` chakumayambiriro kwa zipi, zithunzi zisanabwere. Choncho mawuwo ayenera kuti ali m'mbali yopulumukayo. Iye alemba:

```
zip -FF kope.zip --out yokonza.zip
unzip -t yokonza.zip
```

Lamulo loyamba likuyenda m'fayilo yonse kufuna timitu tija n'kulemba zipi yatsopano yokhala ndi kaundula. Likafunsa ngati zipiyi ndi ya disiki imodzi, yankho ndi `y`. Pali `-F` wa chilembo chimodzi, koma ameneyo amadalira kaundula yemwe alipo kale, ndiye pa fayilo yoduka `-FF` ndiye woyenera. Lamulo lachiwiri likuyesa fayilo iliyonse n'kulemba `OK` pa yomwe nambala yake yagwirizana. Amene ali pa Windows angachite zofananazo ndi WinRAR posankha `Repair archive`, kapena kuyesa kutsegula ndi 7-Zip, yomwe nthawi zambiri imaonetsa zam'kati mwa zipi yoduka kwinaku ikuchenjeza kuti `Unexpected end of data`.

Zotsatira zake: `word/document.xml` ili `OK`, zithunzi 13 zili `OK`, cha 14 chaduka pakati, ndipo 6 zotsalazo kulibe. `word/styles.xml` nayo kulibe chifukwa inali chakumapeto. Chiweruzo chadziwika tsopano: mawu onse apulumuka, zithunzi 7 ziyenera kufunidwa kwina, mwina mu foni yomwe anajambulira, ndipo kaonekedwe ka mitu ndi zilembo kayenera kukonzedwanso.

Atha kusintha dzina la `yokonza.zip` kukhala `.docx` n'kuyesa kuitsegula. Word ikhoza kukana chifukwa chikalatacho chikutchula tizigawo tomwe kulibe. Asataye mtima, asankhe `Open and Repair` pa kamuvi kali pambali pa batani la `Open`, kapena ayese LibreOffice, yomwe nthawi zina imalolera zomwe Word imakana. Ngati ali ndi kope lakale la lipoti lomweli, ngakhale la mwezi wapitawo, ali ndi njira yabwino koposa: atsegule kope lakalelo ngati zipi, aikemo `word/document.xml` watsopano pamodzi ndi `word/_rels/document.xml.rels` ndi zithunzi zopulumuka, kaonekedwe kachokere ku kope lakale. Pamangofunika kusamala pomanganso zipi. Asankhe zam'kati mwa foda, osati foda yeniyeniyo, kuti `[Content_Types].xml` ikhale pamwamba penipeni. Ikalowa m'kati mwa foda ina, Word inenanso kuti fayilo ndi yoonongeka ngakhale zonse zili bwino.

Zonsezi zikakanika, mawu okha atha kutulutsidwa motere pa Linux:

```
unzip -p yokonza.zip word/document.xml | sed 's/<\/w:p>/\n/g; s/<[^>]*>//g' > mawu.txt
```

Lamuloli likuika mzere watsopano pothera ndime iliyonse n'kuchotsa zizindikiro zonse za kaonekedwe. Matebulo aphwasuka kukhala mizere wamba, ndipo mawu am'munsi mwa tsamba sakhalamo chifukwa amasungidwa mu `word/footnotes.xml`, yomwe iyenera kutulutsidwa payokha. Komabe chomwe chimatenga miyezi ndi kuganiza ndi kulemba. Kukonzanso mitu ndi matebulo ndi ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ine ndimaona kuti lipoti lotere lapulumuka.

Bwanji ngati bala lili m'kati mwa `document.xml` momwemo?

Pamenepo mupeza mawu oyambira pachiyambi kufika pabala, ndipo otsatira ndi otayika. WinRAR imafufuta yokha fayilo yomwe yalephera `CRC`, choncho potulutsa sankhani `Keep broken files` kuti ikusiyireni chidutswa chomwe yakwanitsa. Mukachotsa zizindikiro monga tachitira pamwambapa, werengani mpaka pomwe mawu ayamba kusanduka zilembo zopanda tanthauzo. Bala likakhala chakumapeto, mwapulumutsa zambiri. Likakhala pa tsamba lachitatu, mwapulumutsa masamba awiri. Pali akatswiri omwe amayesa kuyambiranso kuwerenga kuseri kwa bala, koma zomwe zimatuluka zimakhala ndi mipata paliponse pomwe mawu ankadalira zotayikazo, ndipo ntchito yake ndi yaikulu. Kwa lipoti la kusukulu kapena la kuofesi, sindingalimbikitse munthu kuiyembekezera.

Pali vuto lina looneka ngati lomweli koma losavuta. Zipi yonse ikupereka `OK`, komabe Word ikukana, ndipo mukadina `Details` ikutchula `Line` ndi `Column`. Apa palibe chomwe chatayika. Ndi chizindikiro chimodzi cha m'kati chomwe chinatsegulidwa osatsekedwa bwino, zomwe zimachitika makamaka m'zikalata zokhala ndi masamu kapena timabokosi ta mawu. Munthu wodekha akhoza kutsegula `document.xml` ndi pulogalamu yolembera mawu wamba monga Notepad++, kupita pa malo otchulidwawo, n'kukonza kapena kuchotsa ndime yovutayo yonse kuyambira pa `<w:p>` mpaka `</w:p>`. Uku ndiko kukonza komwe kumabwezadi chikalata chonse, mwina kupatula ndime imodzi.

Nanga `.doc` yakale, kapena fayilo ya `.7z`?

Ya `.doc` ili ndi ubwino umodzi: mawu ake sapanikizidwa. Ngakhale dongosolo lake litaphwanyika, mawu amaonekabe, ndipo mu Word mungasankhe `Recover Text from Any File` pa mndandanda wa mitundu ya mafayilo potsegula. Njira imeneyi siithandiza pa `.docx`, chifukwa kumeneko mawu ndi opanikizidwa ndipo mungopeza zinyalala.

Ya `.7z` ndi yovutirapo. Kawirikawiri imapanikiza mafayilo ambiri pamodzi ngati chinthu chimodzi, ndipo maina onse amasungidwa kumapeto popanda timitu tobwereza pa fayilo iliyonse. Bala limodzi lingaononge mafayilo onse otsatira, ndipo ikaduka kumapeto ntchito yake ndi ya akatswiri.

Mafayilo anga onse asintha maina ndipo palibe yomwe ikutseguka. Ndi kuonongeka komweku?

Ayi, ndipo pali zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Ngati mafoda a pa fulashi asanduka timivi tolozera, ndi vairasi yomwe imabisa mafayilo, yofala pa makompyuta ogwiritsa ntchito anthu ambiri. Mafayilo alipo. Musadine timivito, chotsani vairasi kaye, kenako lamulo ili liwaonetsa, ngati fulashi yanu ndi `E:`

```
attrib -h -r -s /s /d E:\*.*
```

Koma ngati mafayilo ali ndi mapeto achilendo pa dzina, poyambirira palibe `PK`, ndipo pali kalata yofuna ndalama, ndiye kuti atsekedwa ndi vairasi yofuna dipo. Pulogalamu yokonza zipi siingachite kanthu popanda kiyi. Sungani mafayilowo osawafufuta, ndipo yang'anani ku No More Ransom, ntchito yomwe apolisi a ku Netherlands, Europol ndi makampani a chitetezo anaiyambitsa mu 2016, komwe kuli makiyi aulere a mitundu ina ya mavairasiwa.

Pa intaneti pali mapulogalamu ogulitsa ndi masamba olonjeza kukonza fayilo iliyonse. Ndilipire?

Musalipire musanayang'ane m'kati mwa fayilo. Ngati muli maziro, mudzataya ndalama pachabe. Ngati vuto ndi kaundula, zida zaulere zomwe tatchulazi zimachita ntchito yomweyo. Pulogalamu yoona mtima imayamba yakuonetsani zomwe yapeza musanalipire, ndipo muonetsetse kuti ikuonetsa mawu anu enieni, osati mndandanda wa maina a mafayilo, chifukwa maina amatha kupulumuka zam'kati zitapita. Samalaninso ndi masamba ofuna kuti muwatumizire fayilo. Chikalata cha malipiro a antchito, cha odwala kapena cha mlandu chikapita pa kompyuta ya munthu yemwe simukumudziwa, simungachibwezenso.

Katswiri wolipidwa amafunika pamene chipangizo chenichenicho chaonongeka, monga hadi disiki yomwe ikugogoda kapena fulashi yomwe kompyuta siikuionanso. Iye ntchito yake ndi kukafika pa mabaiti omwe alipo koma inu simungawafikire.

Fayilo yatsimikizika kuti yafa. Ndingafune kuti kwina ndisanayambe kulembanso?

Kawirikawiri kope lina limapezeka msanga kuposa mmene yoonongeka ingachirire. Yang'anani m'makalata omwe munatumiza pa imelo, pa WhatsApp ngati munatumizira mphunzitsi kapena abwana, mu foda ya `Downloads`, ndiponso komwe munakasindikiza, poti pa makompyuta a kumeneko mafayilo a makasitomala amatsalira. Ngati chikalata chinali pa OneDrive kapena Google Drive, pali mbiri ya makope akale yomwe mungabwererepo. Ngakhale pepala losindikizidwa kapena `.pdf` ndi chipulumutso, chifukwa kutaipa zomwe zalembedwa kale n'kosavuta poyerekeza ndi kuziganizanso.

Word nayo imasiya zotsalira. Ngati simunasinthe makonzedwe ake, imasunga kope lodzitetezera la `.asd` mphindi 10 zilizonse, ndipo mungalifune kudzera pa `Recover Unsaved Documents` kapena mu foda yomwe yalembedwa pa `AutoRecover file location`. Makope amenewa amafufutika mukatseka chikalata bwinobwino, choncho amathandiza kwambiri pamene kompyuta inazima mwadzidzidzi. Fayilo ya `.wbk` imapezeka pokhapokha ngati munayatsa kale `Always create backup copy`. Kafayilo kakang'ono koyamba ndi `~$` kasakunyengeni. Kamangosunga dzina la munthu yemwe watsegula chikalata, mulibe mawu a lipoti.

Chomaliza ndi kufufuza disiki yomwe ndi pulogalamu ngati PhotoRec, yomwe siiyang'ana maina koma imayenda pa disiki yonse kufuna `PK` ndi zizindikiro zina. Word ikamasunga imalemba fayilo yatsopano n'kufufuta yakale, motero makope a dzulo ndi dzana akhoza kukhala akadali pa fulashi, pa memore khadi kapena pa hadi disiki yozungulira. Zomwe yapeza zisungidwe pa disiki ina, osati pomwe ikufufuzapo. Pa disiki zamakono za m'malaputopu, zomwe zimalembedwa `SSD`, mwayi ndi wochepa kwambiri, chifukwa kompyuta imauza disikiyo msanga kuti malo a fayilo yofufutidwa ayeretsedwe. Mafayilo omwe PhotoRec yapeza amabwera ndi maina a manambala, ndiye muyenera kutsegula iliyonse ya `.docx` yomwe kukula kwake kukuyandikira kwa lipoti lanu, n'kupita kumapeto kwake kuti muone kuti ndi ya tsiku liti komanso mitu ingati ilimo.